Musanaode magalasi a maso, yezani kutalikirana kwa mwanadiso

Mwapita kuchipatala cha maso, akuyezani, akupatsani pepala la manambala. Mwapeza felemu yotsika mtengo pa intaneti, kapena m'bale wanu wa ku Joni wati akugulirani. Kenako wogulitsa akufunsa nambala ya PD, koma papepala lija palibe.

Nambalayi ndi mtunda wa m'mamilimita kuchoka pakati pa mwanadiso wina, kadontho kakuda kaja, kukafika pakati pa winayo. Akuluakulu ambiri umakhala pakati pa 54 ndi 74. Galasi lililonse lili ndi malo amodzi pomwe kuwala kumadutsa kosakhota, ndipo wodula magalasi amafuna malowo akhale ndendende kutsogolo kwa mwanadiso. Akaphonya, zinthu zimaoneka zitasunthira pambali pang'ono, ndiye minofu ya maso imavutika tsiku lonse kuzibweza. Mutu umayamba kuwawa, maso amatopa, mwinanso mumaona zinthu ziwiriziwiri. Vutoli limakula ndi mphamvu ya galasi: kuphonya komweko pa galasi la -5.00 kumasuntha zinthu kasanu kuposa pa la -1.00.

Poyeza mufunika lula ya mamilimita ndi kalilole, pamalo owala. Vulani magalasi, imani masentimita 20 kuchoka pa kalilole, ndipo gonekani lula pa nsidze mowongoka. Tsinzinani diso lamanja, muike 0 pakati pa mwanadiso wakumanzere. Osasuntha mutu kapena lula, tsegulani lamanja, tsinzinani lamanzere, muwerenge nambala imene ili pakati pa mwanadiso wakumanja.

Kutsinzinako kuli ndi chifukwa. Maso onse awiri akayang'ana chinthu chapafupi amayandikana, ndipo nambala imachepa ndi mamilimita atatu kapena anayi. Nchifukwa chake ngati akukuyezani ndi mnzanu, musamuyang'ane kumaso. Iye akhale chotsikirapo, inu muyang'ane mtengo wakutali pamwamba pa mutu wake.

Yezani katatu. Tinene kuti mwapeza 63, 64 ndi 63: nambala yanu ndi 63. Koma mukapeza 60, 64 ndi 66, lula ikusuntha, yambiraninso. Ngati magalasiwo ndi owerengera basi, chotsanipo mamilimita atatu, mulembe 60.

Ogulitsa ena amafuna manambala awiri, monga 32/31. Uku nkuyeza diso lililonse palokha kuchoka pakati pa mphuno, poti nkhope zambiri sizifanana mbali zonse. Nambala yoyamba imakhala ya diso lamanja.

Lula ili ndi polekezera. Magalasi amphamvu kwambiri, oonera kutali ndi pafupi pa galasi limodzi, a mwana, kapena a munthu amene diso lina limayang'ana kumbali, amafuna katswiri woyeza ndi makina ake. Ndipo magalasi atsopano akamakuwawitsani mutu mpaka patatha milungu iwiri, musapirire. Pitani nawo kwa woyeza maso akaone ngati pakati pa galasi pakugwirizana ndi mwanadiso wanu.