Kalata ya Aphunzitsi Yotsegulira Makolo Gulupu ya WhatsApp

Amene anakhalako mu gulupu ya makolo pa WhatsApp akudziwa mmene zimathera. Sabata yoyamba mumabwera za sukulu zokhazokha. Ikafika yachitatu, wina wayamba kutsatsa zitenje, wina akutumiza vesi tambala asanalire, awiri akukangana za mwana amene anamenya mnzake. Uthenga wa aphunzitsi woti Lachisanu ana aweruka msanga umakwiririka pansi pa mauthenga ena makumimakumi, ndipo tsikulo likafika mwana amatsala yekha pageti kudikira womutenga.

N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri tsopano akumatseka gulupu kuti azilembamo maadimini okha, n'kuikanso maola oti foni isalire. Ine ndikuona kuti akuchita bwino, koma zimayenda pokhapokha makolo atauzidwa bwinobwino gulupu isanatsegulidwe, ndipo auzidwe papepala. Tiyerekeze mphunzitsi wa Sitandade 5 amene ali ndi ana 70. Kalata imene angapatse mwana aliyense kuti akapereke kunyumba ingakhale yotere:

"Okondedwa makolo, ndikufuna kutsegula gulupu ya WhatsApp ya kalasi yathu kuti ndizikudziwitsani za mayeso, misonkhano ndi masiku otsekera sukulu. Olembamo tidzakhala atatu: ine, achiwiri kwa ahedi, ndi kholo limodzi limene mudzasankhe. Mauthenga azibwera kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 7 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Usiku ndi kumapeto kwa sabata sitidzalemba, kupatula pakagwa zadzidzidzi zokhudza kalasi yonse. Mukakhala ndi funso, ndilembereni kumbali ndipo ndidzayankha pasanathe tsiku limodzi la sukulu, kapena mubwere Lachitatu ana akaweruka. Za mwana mmodzi, monga zotsatira za mayeso, khalidwe kapena matenda, sizidzalembedwa mu gulupu. Sitidzakupemphani kutumiza ndalama pa nambala ya foni ya munthu. Dziwani kuti onse a mu gulupu adzaona nambala yanu. Ngati mwavomera, lembani dzina la mwana ndi nambala yanu m'munsimu. Amene simulowa, uthenga uzikupezanibe papepala."

Chifukwa choyambira papepala n'chosavuta. Munthu akangolowetsedwa mu gulupu, nambala yake yaonekera kale kwa anthu onse ali mmenemo, ndipo kutulukamo sikufufuta zimene ena aona. Pali amayi amene anasiyana ndi abambo a mwana mosakhala bwino ndipo safuna kuti nambala yawo yatsopano idziwike. Kholo lotere lifunsidwe kaye. Pepala lija limaonetsanso mphunzitsi kuti mwa mabanja 70 aja ndi angati amene ali ndi kafoni kamabatani chabe, kapena alibiretu foni. Amenewa sayenera kumva za msonkhano utatha kale.

Kutseka kwake sikutenga mphindi ziwiri. Mphunzitsi atsegule gulupu, adine dzina lake pamwamba, apite pa Group permissions, n'kuthimitsa Send messages. WhatsApp inabweretsa njira imeneyi mu 2018, ndipo pa mafoni amene sanalandire zatsopano mawuwo angaoneke ngati Group settings, kenako Only admins. Ali pomwepo athimitsenso Edit group settings kuti wina asasinthe dzina kapena chithunzi cha gulupu, athimitse ndi Add other members, koma ayatse Approve new members. Chomalizachi chimathandiza linki yolowera ikayamba kuyendayenda, chifukwa aliyense woidina amadikira kaye kuti adimini amuvomere, ndipo mphunzitsi amafananiza nambalayo ndi mapepala amene makolo anabweza. Onse akalowa, adine Reset link kuti linki yakale ife. Kuti mutsimikize kuti zatheka, bwerekani foni ya kholo limodzi: pamalo polembera payenera kuoneka mawu akuti Only admins can send messages.

Apa ndi pamene ena amalakwitsa. Amatseka pakamwa pa makolo osawatsegulira khomo lina. Kholo limene lili ndi dandaulo likapeza kuti silingalembe, silikhala chete. Limakayambitsa gulupu ina yopanda aphunzitsi, kumene nkhani imakula popanda woiwongola. Ziganizo za m'kalata zonena za Lachitatu ndi za kuyankha pasanathe tsiku ndi zimene zagwira dongosolo lonseli. Kukhala ndi kholo pakati pa maadimini kumachotsanso maganizo oti sukulu ikungolamula, ndipo mphunzitsi akadwala kapena foni yake ikabedwa, uthenga sumaima. Pakabuka nkhani yofunika kukambirana, monga ulendo wa ana, adimini akhoza kuyatsa Send messages kwa ola limodzi limene lalengezedwa, n'kutsekanso.

Za maola a bata n'zosiyana, pakuti WhatsApp ilibe batani loti gulupu igone 7 koloko n'kudzuka 6 koloko. Limeneli ndi lonjezo la anthu basi, ndipo woyamba kuliphwanya kawirikawiri amakhala mphunzitsi mwiniwake, akakumbukira 10 koloko usiku kuti mawa ana abwere ndi makasu. Uthenga wotero umangovutitsa anthu, chifukwa kholo silingachite kanthu nthawi imeneyo. Komanso akangochita kamodzi, makolo nawo amaona kuti n'zololedwa kumuimbira usiku. Ngati waiwala, wayiwala. Ntchito ya makasu isunthidwe.

Palinso china chimene kwathu kuno sitingachinyalanyaze. Uthenga wotumizidwa 4 koloko masana sufika 4 koloko kwa aliyense. Magetsi akathima, foni ikatha moto, kapena bandulo ikatha, umadikira mpaka foniyo idzalumikizidwenso, mwina pakati pa usiku, mwina mkuja. Choncho lonjezo la maola limamanga wotumiza yekha. Amene safuna kudzutsidwa angagwiritse ntchito Mute notifications, pamene amasankha pakati pa 8 hours, 1 week ndi Always, koma azikumbukira kutsegula gulupu tsiku lililonse. Mphunzitsi naye azitumiza zofunika kutatsala masiku awiri kapena atatu. Akadina uthenga wake kwa kanthawi n'kusankha Info, amaona amene awerenga ndi amene uthenga wangowafikira. Ngati msonkhano uli Lachisanu ndipo pofika Lachitatu mwa makolo 50 a mu gulupu 15 sanawerenge, ana awo apatsidwe kapepala limodzi ndi aja 20 amene makolo awo sanalowe. Ndi bwinonso kulemba mawu ochepa m'malo motumiza zithunzi ndi mavidiyo, amene amadya bandulo.

Chiganizo cha ndalama chisachotsedwe m'kalatamo. Akuba a pa foni amakonda dzina la sukulu, ndipo wina akalanda akaunti ya adimini, uthenga wake umaoneka ngati wa aphunzitsi enieni. Kholo limene linawerenga kuti sukulu sipempha ndalama motero limaima kaye n'kufunsa. Chimodzimodzi za mwana mmodzi: m'nyumba zambiri foni ya amayi imagwiridwanso ndi ana, ndipo dzina la mwana amene walephera mayeso likalembedwa mu gulupu, m'mawa mwake kalasi yonse imakhala ikumuseka.

Makolo anzanga, mwana akabwera ndi kalata yotere, muiwerenge yonse musanalembe nambala yanu. Ngati simukuonamo maola, mayina a olemba, ndi njira yofunsira funso, pitani kwa aphunzitsi muwapemphe aonjezere zimenezo gulupu isanatsegulidwe.