Theka la tsiku lokatengera chiphaso cha unzika

Maofesi a boma amatsegula pa nthawi yomwe ambiri a ife timakhala tili pa ntchito, ndipo amatseka tisanaweruke. Nchifukwa chake wogwira ntchito m'sitolo ku Limbe kapena m'fakitale ku Kanengo, akafuna kukatenga chiphaso cha unzika kapena kalata ya kubadwa ya mwana, sangachitire mwina koma kupempha abwana.

Choyamba dziwani pamene mwaima. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka tchuthi cha pachaka cha masiku 18 kwa wogwira ntchito masiku 6 pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku 5. Silitchula tchuthi chapadera chokatengera ziphaso. Choncho abwana akhoza kukulolani mwa chifundo chawo, kapena kuchotsa theka la tsikulo pa tchuthi chanu. Mufunse pomwepo kuti achita ziti, kuopa mkangano pa tsiku la malipiro.

Pemphani m'mawa, osati masana. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ku ofesi ya NRB, yomwe m'maboma ambiri imapezeka kwa a DC, mzere umayamba zitseko zisanatsegulidwe. Wochoka ku ntchito 12 koloko amakafika antchito ali ku nkhomaliro, n'kupeza anthu omwe afika mbandakucha akadali patsogolo pake. Makina akangovuta pang'ono, tsiku lapita. Wam'mawa amalawirira kuchokera kunyumba, sadutsira ku ntchito, ndipo mzere ukatalika amakhala ndi mpata woimbira abwana foni.

Pempho likhale lalifupi, lolembedwa, ndipo lifike kukadali masiku awiri kapena atatu: "Bwana, ndikupempha kuti Lachitatu m'mawa ndikatenge chiphaso changa cha unzika ku ofesi ya NRB. Ndifika pa ntchito 1 koloko masana. Ntchito yanga ya m'mawa ndagwirizana ndi mnzanga kuti andigwirire. Chiphasocho ndidzakuonetsani ndikabwera." Mawu omalizawo ndiwo amachotsa chikayiko, pakuti mabwana ambiri anamvapo zifukwa zabodza.

Musanapemphe, tsimikizani kuti chiphaso chatuluka. Sichisindikizidwa pomwe munajambulitsa, chimachita kutumizidwa, ndipo kumva kuti mnzanu amene munalembetsa naye tsiku limodzi walandira sikutanthauza kuti chanunso chafika. Wachibale wokhala pafupi ndi ofesiyo akhoza kukakufunsirani. Kutenga kokhako mupite nokha, mutanyamula kapepala kamene anakupatsani polembetsa. Pa kalata ya mwana, tengani chiphaso chanu ndi buku lake la kusikelo.

Mukalandira, musathamangire minibasi. Werengani dzina, tsiku lobadwa ndi mudzi muli pa zenera pomwepo. Chilembo chimodzi chikalakwika chidzakuvutitsani ku banki, ndipo kukonzetsa kudzafuna kuti mupemphenso tsiku lina.

Inu abwana, mloleni munthuyo apite. Wopanda chiphaso sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake, ndipo ku banki komwe mumamulipirira adzamufunsa chiphaso chomwecho.