K10 miliyoni imodzi yowerengedwa kanayi pamwezi

Mu Epulo 2020, kampani yogulitsa khofi ya ku China, Luckin Coffee, idavomera kuti malonda a ndalama pafupifupi mayuwani 2.2 biliyoni omwe idalengeza m'chaka cha 2019 adali ongopeka. Chodabwitsa n'chakuti ndalama zinkalowadi kubanki. Bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America lidapeza kuti anthu ndi makampani ogwirizana ndi ogwira ntchito pakampaniyo ndiwo ankadzionetsa ngati ogula, ndipo zina mwa ndalamazo zinkabwerera komwe zachokera pansi pa dzina la zolipirira zomwe zidakokomezedwa. Mu Disembala chaka chomwecho kampaniyo idavomera kulipira chindapusa cha madola 180 miliyoni.

Chinyengo chotere sichifuna kampani yaikulu. Chimatheka ngakhale pasitolo ya mumsika, ndipo amene chimam'pweteka ndi munthu wofuna kugula bizinesi, kulowamo ngati mnzake wa mwiniwake, kapena kuikongoza ndalama. Asanasaine chilichonse, munthu wotere amayenera kuichita kauniuni bizinesiyo, ndipo pepala loyamba lomwe amapatsidwa ndi sitetimenti ya kubanki.

Tiyerekeze mayi wina akufuna kugula sitolo ya zipangizo zomangira nyumba mu Lilongwe. Mwini sitolo akuti amagulitsa katundu wa K60 miliyoni pamwezi, ndipo wabweretsa sitetimenti ya miyezi itatu. Pansi pake palembedwa kuti ndalama zonse zolowa ndi K180 miliyoni. Masamu akugwirizana ndi mawu ake. Ogula ambiri amalekera pomwepa.

Mayiyo satero. Atenga cholembera nayamba kutsika mzere ndi mzere, kuyang'ana mbali ya zolowa yokha. Zambiri ndi ndalama zosongoka: K347,500, K1,286,300, K92,750. Umu ndi momwe malonda enieni amaonekera, chifukwa wogula amatenga matumba angapo a simenti, malata, misomali ya pakilo, kenaka n'kunenerera kuti am'chotsereko pang'ono. Koma pakati pa manambala amenewa pakutulukira ina yosalala ngati dzira: K10,000,000 ndendende, pa 3, pa 10, pa 17 ndi pa 24 Malichi, nthawi zonse kuchokera ku kampani imodzi yomweyo. Ndi kasitomala wanji amene katundu wake amakwana ndalama imodzimodzi sabata ndi sabata, osapitirira kapena kuperewera ndi kwacha imodzi?

Amene wapatsidwa sitetimenti pakompyuta angathe kuzisefa mosavuta mu Excel. Ngati ndalama zolowa zili m'danga C, lamulo ili limayankha TRUE pa ndalama iliyonse yogawika ndendende ndi K100,000:

```
=AND(C2>0,MOD(C2,100000)=0)
```

Komatu nambala yothera m'maziro payokha si umboni wa chinyengo. Lendi imalipidwa choncho, ngongole ya kubanki imalowa choncho, ndipo wamalonda wogulitsa pakashi nthawi zambiri amakasungitsa K2,000,000 n'kusiya zotsalazo m'kabati kuti mawa apeze chenji. Nambala yotere imangosonyeza pamene pakufunika funso. Imayamba kudetsa nkhawa ikamabwerezabwereza, ikamachokera ku dzina limodzi, ndiponso ikakhala kuti ndiyo yanyamula gawo lalikulu la zolowa zonse.

Apa mayi uja atembenukira mbali ya zotuluka, ndipo pa ndalama yosalala iliyonse afufuza zomwe zidachitika m'masiku awiri kapena atatu otsatira. Pa 4 Malichi padatuluka K9,950,000 kupita ku kampani ina, ndi mawu akuti kugula katundu. Pa 11, pa 18 ndi pa 25 chimodzimodzi. Ndalama ikulowa lero, mawa yatuluka, itangotsala pang'ono kufanana ndi yomwe idalowa. Balansi ya akaunti ikukwera tsiku limodzi n'kubwerera pomwe idali, pakati pa K1 miliyoni ndi K3 miliyoni.

Sitetimenti imaonetsa mbali ziwiri zokha za ulendowu, kulowa ndi kutuluka. Mbali yachitatu, pamene kampani yolandira ikubwezera ndalama ku kampani yotumiza, imachitikira m'maakaunti ena omwe wogula sakuwaona. N'chifukwa chake mayina awiriwo ayenera kufufuzidwa ku ofesi yolembetsa makampani. Zikapezeka kuti mkulu wa kampani yotumiza ndi mlamu wake wa mwini sitolo, ndipo yolandira ili pa keyala ndi nambala ya foni yomweyo, bwalo latsekeka. K10 miliyoni imodzi, mwina yobwereka kwa wakatapila, yazungulira kanayi n'kubereka malonda a K40 miliyoni papepala. Mwini sitolo amangowonjezerapo K50,000 paulendo uliwonse, kapena K200,000 pamwezi, zomwe zimatsala muakaunti ya sitolo yake yomwe, ndipo zomwe zikumudyera ndi zolipira kubanki.

Tsopano masamu asintha. Pa K60 miliyoni ija kuchotsapo K40 miliyoni, malonda enieni ndi K20 miliyoni pamwezi. Ngati mtengo wa sitolo udawerengedwa potengera malonda, mayiyo akadalipira katatu kuposa mtengo wake weniweni.

Kodi nanga wachinyengo wochenjera, amene amatumiza K9,873,400 m'malo mwa K10,000,000? Ameneyo sefa ya maziro siingamugwire, ndipo ena amagawa ndalamayo m'zidutswa kapena kuidutsitsa pa Airtel Money ndi Mpamba kuti dzina la wotumiza lisaoneke msanga. Chomwe chimamuvuta kubisa ndi katundu. Simenti ya K40 miliyoni imafuna malole oibweretsa, anyamata oitsitsa ndi malo oisungira. Choncho pa ndalama iliyonse yokayikitsa, wogula apemphe invoisi, chikalata chosonyeza kuti katundu adaperekedwa ndi kusainidwa, komanso buku la katundu wolowa ndi wotuluka. Ayerekezenso zolowa kubanki ndi malonda omwe sitoloyo idauza MRA. Munthu amene akufufumitsa malonda pamaso pa wogula kawirikawiri safuna kuwafufumitsanso pamaso pa wamisonkho, chifukwa kumeneko bodza limalipiritsidwa.

Palinso kuzungulira kwina kopanda mlandu. Bizinesi yokhala ndi maakaunti awiri imasamutsa ndalama kuchoka ku ina kupita ku inzake kuti ilipire antchito. Kutero si kulakwa, koma ndalama zimenezo si malonda ndipo ziyenera kuchotsedwa powerengera. N'chifukwa chake wogula amafunika masitetimenti a maakaunti onse a bizinesiyo, osati okhawo omwe mwiniwake wasankha. Afunikanso a miyezi 12, osati itatu, pakuti kuzungulitsa ndalama kumakonda kuyamba pamene mwini bizinesi waganiza zogulitsa. Malonda akakhala pa K20 miliyoni kwa miyezi 9 n'kudumphira pa K60 miliyoni m'miyezi itatu yomaliza, wogula afunse chomwe chidasintha.

Pepalalo nalonso lingakhale labodza. Mu Juni 2020 kampani ya ku Germany ya Wirecard idagwa itavomera kuti mayuro 1.9 biliyoni omwe inkati ali m'mabanki awiri a ku Philippines mwina kudalibeko, ndipo mabankiwo adati zikalata zosonyeza ndalamazo zidali zachinyengo. Sitetimenti yotumizidwa pa WhatsApp munthu angathe kuikonza m'mphindi zochepa. Banki siipereka sitetimenti ya kasitomala wake kwa mlendo, choncho njira yake ndi yopita limodzi ndi mwini akaunti kunthambi ya bankiyo, kukaitenga yodindidwa chidindo wogula akuona ndi maso ake.

Mwini sitolo akakana ulendo umenewo, kapena akalephera kuonetsa invoisi ya K10 miliyoni iliyonse, mayi uja ali ndi zifukwa zokwanira zowerengera mtengo pa K20 miliyoni pamwezi, apo ayi kusunga ndalama zake n'kukafuna sitolo ina.