Mphaka, Mchenga ndi Mayi Wapakati

Kwathu kuno kunyanja mphaka ndi wantchito. Amagwira makoswe m'nkhokwe za mpunga ndiponso pansi pa mathandala oyanikapo usipa. Koma kuli kachirombo kena kamene kamaswana m'matumbo mwa mphaka, ndipo mayi wapakati ayenera kukadziŵa. Dzina lake ndi tokizopulazima. Ndi lalitali, choncho ife tizingoti tokizo. Nkakang'ono kwambiri, sikaoneka ndi maso. Akatswiri adakapeza m'chaka cha 1908 ku Tunisia ndi ku Brazil, koma zoti kwao kwenikweni ndi m'mimba mwa mphaka zidadziŵika mochedwa, mu 1970.

Ulendo wa kachiromboka

Tiyeni tiyambire pa khoswe. Khoswe amene ali ndi tokizo amakhala ndi timatumba tating'onoting'ono mu ubongo ndi m'mnofu mwake. M'kathumba kalikonse muli tizirombo tambirimbiri togona. Mwana wa mphaka akagwira khosweyo nkudya, timatumba tija timasweka m'mimba mwake. Tizirombo timaloŵa m'matumbo ndi kupanga timazira. Pakapita masiku 3 mpaka 10, timazirato timayamba kutuluka ndi chimbudzi cha mphaka, mamiliyoni ndithu.

Izi zimatheka mwa mphaka yekha ndi abale ake monga vumbwe, kambuku ndi mkango. Galu, mbuzi, nkhuku ndi munthu angathe kutenga tokizo, koma satulutsa timazira m'chimbudzi chawo.

Mphaka satulutsa timazirati moyo wake wonse ayi. Amatero kwa sabata imodzi mpaka zitatu, kaŵirikaŵiri akadali wamng'ono, pamene wangoyamba kusaka. Ndipo mphakayo saoneka wodwala.

Tsono pali chinthu chimodzi chofunika kuchigwiritsa. Chimbudzi chimene mphaka wachita lero sichinayambe kupatsira matenda. Timazira timafuna tsiku limodzi mpaka masiku 5 kuti tikhwime. Tikakhwima timalimba zedi. M'dothi lonyowa, pamthunzi, tingathe kukhala ndi moyo kupitirira chaka. Mukudziŵa kuti mphaka amakonda kukwirira chimbudzi chake pofeŵa, ndipo kuno ku Nkhotakota mchenga uli paliponse: pabwalo, kuseri kwa khitchini, m'dimba, kudoko. Mvula ikagwa imakokolola timazirato kupita pachitsime chosavindikira ndi kudambo. Mbuzi, nkhosa, nkhumba ndi nkhuku zimatimeza podya, ndipo m'nyama yake mumapangika timatumba tonga ta khoswe uja. Khoswe winanso amatimeza. Ulendo wayambiranso.

Nkhani ya Nabanda

Tiyerekeze kuti kumudzi wina kufupi ndi Chia kuli mayi wina, timutche Nabanda. Ali ndi pakati pa miyezi iŵiri, ndipo chibadwire sanatengepo tokizo. Lolemba kamphaka ka pakhomo kakwirira chimbudzi m'bedi la mpiru. Loŵeruka Nabanda akupalira bedilo ndi manja. Njala itamupweteka watenga chinangwa chachiŵisi, wasenda, wadya osasamba m'manja. Masiku asanu apita, timazira takhwima, ndipo iye wameza.

Patapita sabata imodzi kapena ziŵiri akumva kutopa, thupi likutentha pang'ono, m'khosi mwatuluka mwanabere. Akuti ndi malungo. Kuchipatala ayeza magazi, malungo mulibe. Posakhalitsa wapeza bwino, nkhani yaiŵalika. Anthu ambiri samva nkomwe kanthu kalikonse.

Koma masiku ameneŵa tizirombo tinali kuyenda m'magazi mwake, thupi lisanaphunzire kulimbana nato. Apa mpamene pali ngozi. Tingathe kufika pa nsengwa nkuloŵa mwa mwana.

Miyezi itatu yoyamba nsengwa imatchinga bwino. Mwa amayi 10 otenga tokizo panthaŵiyi, mmodzi kapena aŵiri okha ndi amene amapatsira mwana. Koma mwanayo akatenga, zimavuta kwambiri chifukwa ubongo ndi maso zikungoumbika kumene. Mayi angapite padera, mwana angabadwe wakufa, kapena mutu wake umakula chifukwa cha madzi odzaza mkati. Miyezi itatu yomaliza zimatembenuka. Amayi 6 kapena 7 mwa 10 amapatsira mwana, koma ana ambiri amabadwa ooneka bwinobwino. Vuto lingadzaoneke mwana atakula, mwina ali kale pa sukulu: diso limodzi layamba kuona chimbuuzi chifukwa cha chilonda cha mkati mwa diso.

Akadakhala kuti Nabanda adatenga tokizo ali mtsikana, thupi lake likadakadziŵa kale kachiromboka, ndipo mwana akadatetezeka. Choopsa ndi kukumana nako koyamba uli ndi pakati. Kusikelo amayeza mayi aliyense HIV ndi chindoko, koma tokizo sayeza aliyense. Choncho mayi sadziŵa ngati adatengapo kale, ndipo ndi bwino kuti azisamala ngati sanatengepo.

Kagona, sikanafe

Nabanda wachira, koma kachirombo sikanachoke. Thupi likayamba kupambana, tizirombo timadzitsekera m'timatumba mu ubongo, m'minofu, mu mtima ndi m'diso. Timakhala momwemo zaka ndi zaka, mwina moyo wonse. Mankhwala amene alipo amapha tizirombo toyenda m'thupi, koma togona m'timatumba satitha. Munthu wamphamvu zake alibe nato vuto, pakuti chitetezo cha m'thupi chimatilondera usana ndi usiku.

Mlonda akafooka, timatumba timasweka. Izi zimachitika makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, kapena adaleka, chitetezo nkutsika kwambiri. Mutu umapweteka masiku ambiri osaleka, munthu amasokonezeka nzeru, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zimafooka, kapena amagwa ngati wakhunyu. Achibale amayamba kuloza zala, akuti walodzedwa. Abale, musataye nthaŵi. Thamangani naye ku chipatala cha boma pa Nkhotakota, ku St Anne's, kapena china chili pafupi. Matendaŵa amamva mankhwala akayambidwa msanga. Ndipo bakitirimu uja amene amaperekedwa pamodzi ndi ma ARV, ina mwa ntchito zake ndi kuletsa tokizo kudzuka. Mayi wa HIV akaleka mankhwala ali ndi pakati, tokizo wakale angadzuke nkufika kwa mwana.

Kodi mphaka timuphe?

Iyayi. Mukapha mphaka makoswe achuluka, ndipo timazira takale tili m'dothi momwemo. Kumusisita mphaka si njira imene anthu ambiri amatengera tokizo. Njira zake ndi dothi, madzi ndi nyama yosapsa.

Mukaona pamene mphaka wachita chimbudzi, bambo kapena wina wosakhala wapakati afosholepo tsiku lomwelo nkukataya m'chimbudzi cha dzenje, timazira tisanakhwime. Mayi akachoka kudimba asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, ndipo tomato, mango otola pansi ndi chinangwa azitsuka bwino. Amayi ena apakati amalakalaka kudya dothi. Chilakolakocho nchenicheni, sitikuwaseka, koma akafotokoze kusikelo, pakuti nthaŵi zambiri chimadza ndi kuchepa kwa magazi, ndipo dothilo lingakhale ndi timazira.

Madzi a pachitsime chosavindikira kapena a m'nyanja aŵiritseni. Mankhwala a kolorini othira m'madzi amathandiza pa kolera, musaleke kuthira, koma timazira ta tokizo satipha.

Nyama ipse mpaka mkati, pasaoneke pofiira. Kanyenya wa mbuzi wopserera kunja koma mkati muli magazi, mayi wapakati amusiye. Kuthira mchere kapena kufutsa pautsi sikokwanira, ndipo osalaŵa nyama isanapse. Mpeni ndi mbale zimene mwadulira nyama yaiŵisi zitsukeni ndi sopo. Nsomba musaziwope, tokizo sapanga timatumba m'mnofu wa chambo kapena usipa. Kungoti yanikani pathandala, osati pamchenga pamene amphaka amayenda usiku.