Sitiriyo ndi Mono: Chifukwa Chake Zolankhula Zimafuna Njira Imodzi

Mawu ojambulidwa amasungidwa m'njira imodzi kapena ziwiri. Mono ndi njira imodzi, ndipo masipika onse amatulutsa zofanana. Sitiriyo ili ndi njira ziwiri, yakumanzere ndi yakumanja, ndipo kusiyana kwake ndiko kumachititsa kuti gitala imveke mbali iyi, ng'oma mbali inayo. Katswiri wa ku Mangalande, Alan Blumlein, analembetsa lusoli mu 1931.

Sitiriyo imamveka bwino khutu lililonse likalandira gawo lake, monga pa mahedifoni kapena pa masipika awiri otalikirana. Koma mafoni ambiri ali ndi sipika imodzi, choncho foniyo imaphatikiza njira ziwirizo kukhala imodzi. Ngakhale mafoni a masipika awiri salekanitsa mawu kwenikweni, chifukwa masipikawo ndi oyandikana kwambiri.

Vuto limabadwira pa kuphatikizako. Mawu amayenda ngati mafunde, okwera ndi kutsika, pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Tiyerekeze kuti mlaliki akujambulidwa ndi maikolofoni awiri, imodzi ya njira yakumanzere, ina ya yakumanja, ndipo yachiwiriyo yatalikira ndi masentimita 17 kuposa yoyamba. Mawu afika kwa iyo mochedwa ndi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Funde logwedezeka ka 1,000 pa sekondi ndi lotalika masentimita 34, kotero kuchedwako ndi theka lenileni la funde: pamene njira imodzi ikukwera, inayo ikutsika. Zikaphatikizidwa zimafafanizana, ndipo zomwezo zimachitikira mafunde a 3,000 ndi 5,000, omwe amathandiza kuti zilembo zimveke. Pa mahedifoni ulalikiwo umamveka bwinobwino, koma pa foni mawu amapyapyala ngati akuchokera m'paipi. Mawaya a maikolofoni imodzi akalumikizidwa mosemphana, mawu amatha kutsala pang'ono kuzimiririka.

Munthu wolankhula ali pamalo amodzi, ndiye njira yachiwiri siwonjezera kanthu pa uthenga wake. Maikolofoni imodzi yoikidwa pafupi ndi pakamwa, yojambula mu mono, imapewa kufafanizanaku. Imathetsanso vuto lofala la mawu omveka khutu limodzi lokha, ndipo fayilo ya WAV ya mono imadya theka la malo a sitiriyo.

Kuyesa n'kosavuta. Mu pulogalamu ya Audacity, wokonza mawu amasankha Mix Stereo Down to Mono, kenako n'kumvetsera. Mawu akafooka kapena kusintha kamvekedwe, ndiye kuti njira ziwirizo zikulimbana. Mankhwala ake ndi kubweza zimene wachitazo, kusunga njira imene ikumveka bwino n'kutaya inayo. Sitiriyo imayenerabe nyimbo, makwaya ndi masewero a pawailesi, kumene malo a woyimba kapena wosewera aliyense ali ndi tanthauzo, koma nazonso ziyenera kumvedwa mu mono zisanatumizidwe kwa omvera a pa foni.