Bilu Yafika pa Foni: Mayunitsi 350, K314 Kapena K679?

Masiku ano bilu ya magetsi imafika kwa anthu ambiri ngati chithunzi. Landilodi amaijambula n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la alendi ake, mayi wa ku Chipata amaitumiza kwa mwana wake amene ali ku Joni kuti alipire, ndipo woyang'anira golosale amaitumiza kwa mwini wake. Wolandirayo amathamangira pansi penipeni pamene pali ndalama yonse, n'kuusa moyo, n'kutumiza ndalamayo. Koma zolakwika za bilu sizioneka pa nambala yomalizayo. Zimabisala m'mizere ya pakati, pamene mayunitsi amagawidwa m'magawo a mitengo yosiyana.

Makampani a magetsi a kuno kwathu sagulitsa yuniti iliyonse pa mtengo umodzi kwa anthu a m'nyumba. Ku Malawi, ESCOM imagulitsa mayunitsi 50 oyamba a mwezi pa mtengo wotsika kwa nyumba wamba, ndipo otsatirawo amakwera. Ku Zambia, ZESCO ili ndi magawo ochulukirapo, amene amalembedwa kuti R1, R2 ndi kupitirira apo. Mitengoyi kampani siyikhazikitsa yokha. Ku Malawi imavomerezedwa ndi bungwe la MERA, ku Zambia ndi la ERB, ndipo imalengezedwa poyera. N'chifukwa chake munthu wamba akhoza kuwerengetsa yekha bilu yake ndi cholembera basi.

Yuniti imodzi, imene pa bilu imalembedwa kuti kWh, ndi magetsi amene mbaula ya mawati 1,000 imadya ikayaka ola lathunthu. Ketulo ya mawati 2,000 imamaliza yuniti m'theka la ola.

Magawowa amagwira ntchito ngati ndowa zitatu zondandalikidwa pa mpopi: yoyamba ikadzaza, madzi otsatira ndi amene amapita m'yachiwiri, ndipo a m'ndowa yoyamba amakhala momwemo. Munthu akalowa m'gawo lodula, mtengo wodulawo umakhudza mayunitsi owonjezera okha, osati onse kuyambira pa yuniti yoyamba. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndipo alendi ena akhala akulipira zochuluka kwa zaka osadziwa.

Mitengo imene ZESCO inayamba kugwiritsa ntchito mu Januwale 2020 ndi yabwino kuphunzirirapo, ngakhale kuti inasinthidwa pambuyo pake. Mayunitsi 100 oyamba anali pa K0.47 iliyonse. Kuyambira 101 mpaka 300 anali pa K0.85. Opitirira 300 anali pa K1.94, mtengo woposa kanayi wa gawo loyamba lija.

Tiyerekeze kuti pa chithunzi cha bilu ya nyumba ina ya nthawi imeneyo pakuoneka kuti mwezi watha mita inali pa 14,820, ndipo tsopano ili pa 15,170. Chinthu choyamba n'kuchotsera: 15,170 kuchotsapo 14,820, patsala 350. Nambala imeneyi iyenera kufanana ndi mayunitsi amene alembedwa pa bilu, ndiponso mayunitsi a m'magawo onse akaphatikizidwa ayenera kubwerera pa 350 pomwepo. Gawo loyamba litenga 100, amene ndi K47. Lachiwiri litenga 200, amene ndi K170. Otsala 50 ndiwo agwera m'gawo lodula, ndipo ndi K97. Zonse pamodzi ndi K314.

Kenako pamabwera misonkho. Nthawi imeneyo panali kamsonkho ka 3 peresenti, kamene pa K314 ndi K9.42, ndipo VAT ya 16 peresenti inkawerengedwa pa ndalama zonse ziwiri zitaphatikizidwa, kutanthauza pa K323.42. VAT yake ndi K51.75, choncho bilu yoona ndi K375.17. Kusiyana kwa ngwee imodzi kapena ziwiri si nkhani, zimachitika pofupikitsa manambala. Koma wina akachulukitsa mayunitsi onse 350 ndi K1.94, apeza K679 msonkho usanalowe. Makompyuta a kampani sachita cholakwika chotere kawirikawiri. Chimapezeka kwambiri pamene munthu wapakati, monga mwini nyumba kapena woyang'anira mashopu, akugawa bilu kwa anthu ake ndipo wangotola mtengo umodzi umene wauona pa pepala. Ndipo amene amatolawo sukhala wotchipa uja ayi.

Cholakwika chimene chimapweteka mwakachetechete ndi cha masiku. Magawo aja ndi a mwezi umodzi, choncho pa bilu pamayenera kuonedwa madeti awiri: tsiku limene mita inawerengedwa komaliza ndi tsiku limene yawerengedwa tsopano. Zimachitika kuti wowerenga mita wapeza geti lokhoma, kapena galu wamubweza, mwezi n'kudutsa. Akadzabwera patatha masiku 60, apeza mayunitsi a miyezi iwiri ataunjikana. Tinene kuti ndi 500. Banjali limagwiritsa ntchito pafupifupi 250 pa mwezi, ndipo silinafikepo m'gawo lachitatu. Mwezi uliwonse likanalipira K47 ya gawo loyamba ndi K127.50 ya mayunitsi 150 a gawo lachiwiri, zonse K174.50. Miyezi iwiri ndi K349.

Koma mayunitsi 500 aja akawerengedwa ngati a mwezi umodzi, banjali lipatsidwa gawo lotchipa kamodzi kokha, ndipo mayunitsi 200 akankhidwira ku K1.94. Ndiye kuti K47, kuwonjezera K170, kuwonjezeranso K388, zonse K605. Mita sinaname, mayunitsi ndi oona, kuchulukitsa kulikonse n'kolondola, koma banjali lalipira K256 yapamwamba. Munthu amene akungoyang'ana mayunitsi sangachigwire cholakwikachi. Amachigwira ndi amene waona kuti masiku ndi 60 pamene gawo loyamba lapatsidwa mayunitsi 100 okha m'malo mwa 200.

Nthawi zina mwezi wodumphidwawo kampani imatumiza bilu yongoyerekeza, potengera mmene nyumbayo imagwiritsira ntchito magetsi. Mabilu ambiri amasonyeza zimenezi ndi mawu akuti Estimated kapena chilembo chofupikitsa pafupi ndi nambala ya mita. Kuyerekezako kukakhala kochepa kwambiri, mayunitsi otsalira amadzagwera pa bilu yotsatira, n'kuikankhira m'gawo lodula ngati mmene zachitikira pamwambapa. Choncho bilu imodzi siikwanira. Pamafunika chithunzi cha bilu ya mwezi wathanso, ndipo nambala imene inatsekera mwezi uja iyenera kukhala yomweyo imene yatsegulira mwezi uno.

Palinso kulakwitsa manambala powerenga. Ngati 15,170 uja walembedwa kuti 15,770, mayunitsi adumpha kuchoka pa 350 kufika pa 950, ndipo onse 600 owonjezerawo agwera pa mtengo wapamwamba. Bilu ya K314 isanduka K1,478. Mwamwayi, ichi n'chosavuta kutsimikiza. Mita sibwerera m'mbuyo, ndiye ngati lero ikuonetsa 15,240 pamene bilu ikunena kuti sabata yatha inali kale pa 15,770, mlandu watha. Chofunika n'kuijambula mitayo tsiku lomwelo, nambala yake yoidziwira ikuoneka bwino, chifukwa m'nyumba zogundizana za lendi mamita amakhala pa khoma limodzi ndipo kusinthanitsa ya oyandikana nawo si chachilendo. Pa mamita akale ozungulira, nambala yomaliza imene ili m'kabokosi kofiira ndi kachigawo ka yuniti ndipo siwerengedwa. Woiphatikiza amachulukitsa zonse kakhumi.

Chithunzi nachonso chimanama. Bilu yojambulidwa chopendekera madzulo, n'kudutsa m'mafoni atatu, imafika 3 akuoneka ngati 8, ndipo kadontho ka pakati pa kwacha ndi ngwee katazimiririka. Malisiti a mayunitsi ogula ndiwo amafufutika msanga, makamaka akagona m'thumba kapena padzuwa. Musanakwiyire aliyense, ndi bwino kupempha chithunzi china, pepala litayalidwa pa tebulo poyera, ngodya zonse zinayi zikuoneka. Chithunzi chodulidwa pamwamba chimabisa dzina, nambala ya mita ndi gulu la mtengo, pamene nyumba yolembedwa molakwika ngati ya bizinesi siipeza gawo lotchipa n'komwe. Chodulidwa pansi chimabisa ngongole yakale imene yaphatikizidwa mu ndalama ya mwezi uno. Chithunzi choonetsa nambala yomaliza yokha sichoyenera kulipirirapo, ngakhale wotumizayo akhale wachibale.

Nanga amene amagula mayunitsi asanagwiritse ntchito, omwe tsopano ndi ambiri ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka? Iwowa alibe vuto la wowerenga mita, koma magawo amawakhudzabe, ndipo dandaulo lawo lodziwika n'lakuti ndalama yomweyo yawapatsa mayunitsi ochepa kuposa ulendo watha. Nthawi zambiri apa palibe cholakwika. Magawo amawerengedwa pa mayunitsi amene agulidwa m'mwezi umenewo, osati amene agwiritsidwa ntchito, ndipo amayambiranso mwezi watsopano ukalowa. Pa mitengo ya 2020 ija, msonkho utalowa, yuniti ya gawo loyamba inali pafupifupi K0.56, ndipo ya gawo lachitatu pafupifupi K2.32. Ndiye K50 inkagula mayunitsi 89 kumayambiriro kwa mwezi, koma munthu amene wadutsa kale 300 ankapeza 21 ndi kachidutswa. Kuti lisiti liweruzidwe bwino, malisiti onse a mwezi umenewo ayenera kuikidwa pamodzi, kuphatikizapo amene wagula mlendi wina pa mita yomweyo. Mabanja anayi ogawana mita imodzi amagawananso gawo lotchipa limodzi, ndipo amene wagula koyambirira ndiye amalidya lonse. Wogula pa 25 amangopeza lodula, n'kumaganiza kuti wogulitsa wamubera.

Mitengo nayo imasintha, ndipo ya m'nkhani ino ndi yophunzirirapo chabe. Powerengetsa bilu yeniyeni pafunika mitengo imene inkagwira ntchito pa madeti a biluyo, imene imapezeka ku maofesi a kampani ndi m'zidziwitso za MERA kapena ERB. Mtengo ukasintha pakati pa mwezi, bilu ikhoza kuonetsa mizere iwiri ya gawo limodzi, wakale ndi watsopano, ndipo zimenezo si chinyengo malinga ngati mayunitsi onse akaphatikizidwa akufanana ndi zimene mita yanena.

Amene wapeza kusiyana kwenikweni ayambire ku ofesi ya kampani, atanyamula zithunzi za mabilu awiri otsatizana, chithunzi cha mita ndi pepala la masamu ake, ndipo asachoke osalandira nambala ya dandaulo lake. Kampani ikapanda kukonza, dandaulolo limapita ku MERA kwa a ku Malawi, kapena ku ERB kwa a ku Zambia, ndipo kumeneko funso loyamba limakhala lakuti kodi munayamba mwadandaula ku kampaniyo.