Zipi yobisika pa siketi ya layiningi: msoko udikire kaye

Siketi yosokedwa bwino imadziwikira kumbuyo. Msoko umatsika kuchokera m'chiuno mpaka pansi osaonetsa kuti muli zipi, kupatula kachikoka kakang'ono kolendewera pamwamba. Koma taonani masiketi ambiri pa ukwati kapena ku tchalitchi: pena pamene pathera zipi patuluka kachotupa, pena mbali imodzi ya chiuno yakwera kuposa inzake. Ambiri amanamizira zipi kuti ndi yachabechabe, pomwe kawirikawiri cholakwika ndi ndondomeko ya kasokedwe. Zipi wamba timaiika msoko utatsekedwa kale. Yobisika imafuna kulowa msoko uli chitsegukire, ndipo telala amene wazolowera njira yoyamba ija ndi amene amavutika nayo kwambiri.

Titenge siketi yowongoka ya chitenje, yopanda lamba wa m'chiuno, imene layiningi yake ikukalumikizana ndi nsalu pamwamba penipeni. Zipi ili pakati kumbuyo, mpata wake ndi masentimita 20, ndipo m'mphepete mwasiyidwa nsalu ya msoko yokwana sentimita 1.5. Gulani zipi yopitirira mpatawo ndi masentimita awiri kapena atatu. Chifukwa chake n'chakuti chokokera chikatsikira pansi chimatchinga phazi la makina, ndiye kumapetoko simungasokeko moyandikira mano. Kotsalako kamangokhala mchira mkati.

Chitenje chichapidwe ndi kusitidwa musanadule, chifukwa chimafupika chikalowa m'madzi pomwe zipi sifupika. Kenako dulani timizere tiwiri ta kansalu kopepuka komata ndi simbi, ka mtundu umene amalimbitsira makolala, mulifupi masentimita awiri, ndi kumata kunsi kwa nsalu motsata mzere wa zipi. Ena amaona ngati n'kutaya nthawi. Koma msoko wa kumbuyo umatamuka pansi pa phazi la makina, ndipo nsalu yotamuka ikasokeredwa ku tepi ya zipi, imene sitamuka, imachita mafunde amene simbi singawathetse.

Mano a zipi yobisika amakhala kunsi ndipo ndi opindikira mkati. Itseguleni, muigoneke chafufumimba, ndipo ndi nsonga ya simbi muwongole manowo kuti kangalande ka m'munsi mwake kaoneke. Simbi ikhale yofunda chabe. Manowo ndi a nayiloni, ndipo amene mumagwiritsa ya makala iyeseni kaye pa kachidutswa, chifukwa mano akangofota ndi moto zipiyo yatha ntchito.

Tsopano igonekeni zipi yotsegula pa nsalu, nkhope yake kuyang'anizana ndi kumaso kwa nsalu, mano ali pa mzere wa msoko, mphepete mwa tepi mukuloza ku mphepete mwa nsalu. Kapulasitiki koimitsa chokokera pamwamba kakhale mamilimita atatu kunsi kwa mzere wa chiuno. Kakakwera, singano idzakagunda posoka chiuno. Kakatsika kwambiri, pamwamba padzatsala poyasama. Gwirizani ndi ulusi wa pamanja, kenako sokani kuchokera pamwamba kutsika, m'kangalande kaja. Pali phazi lake lapadera la timipata tiwiri kunsi limene limakankhira mano pambali, koma ngakhale phazi lopyapyala la zipi wamba limagwira ntchito pa makina opalasa, bola muzigoneka manowo ndi chala patsogolo pa singano.

Mbali yoyamba ikatha, tsekani zipi muone. Ikamakakamira, ulusi wadya mano. Tepi ikamaonekera kunja, mwasoka patali. Zipi ili chitsekere choncho, lembani ndi choko pa tepi ya mbali yachiwiri pamene pali mzere wa chiuno ndi pamene ulusi wa mbali yoyamba wathera. Pa chitenje onjezani chizindikiro pamene duwa kapena mzere wa maluwa ukudutsa msoko, chifukwa duwa lodulidwa pakati n'kukumana mopingasa limaonekera patali kuposa cholakwika china chilichonse. Mbali yachiwiri nayo isokedwe kuchokera pamwamba kutsika. Mukaisoka chokwera, nsalu imakankhidwira kosiyana ndi koyamba, ndipo chiuno chimatuluka chopendekera.

Pano ndi pamene pamabadwira kachotupa kaja. Tsekani zipi, pindani siketi kumaso kukumana ndi kumaso, kokerani mchira wa zipi pambali. Ndi phazi lopyapyala, lowetsani singano pafupifupi mamilimita asanu pamwamba pa pamene ulusi wa zipi wathera, ndipo milimita imodzi kapena ziwiri chamkati mwa ulusiwo. Musalimbane n'kuti mizere iwiriyi ikumane ndendende. Kukakamiza kuti ikumane ndi kumene kumatsina nsalu. Ingodutsanani pang'ono, kenako tsikani ndi msoko mpaka pansi. Kachotupa kakaonekabe, ndiye kuti mbali imodzi ili ndi nsalu yochuluka kuposa inzake. Sasulani masentimita asanu a msoko ndi kusokanso motsika kuti yotsalayo ikathere ku mpendero. Mchira wa zipi usokereni ku nsalu ya msoko yokha, kuti pokoka mphamvu isamagwere pa ulusi womaliza uja.

Layiningi isokedwe payokha, mpata wake wa kumbuyo utalikepo ndi sentimita imodzi kapena ziwiri kuposa wa siketi kuti isamakoke pansi pa zipi. Ndiye pali kanthu kamene ambiri amakadumpha. Layiningi siyenera kufika pa mano, iyenera kuima mamilimita asanu chamkati. Choncho chepetsani mphepete mwake ndi sentimita imodzi kuyambira m'chiuno, kudulako kukucheperachepera mpaka kutheratu pansi pa mpata. Mukapanda kutero layiningi imakhala yokulira siketi, imachita khwinya pambali pa zipi, ndipo tsiku lina chokokera chidzaidya mwini wake ali pa changu.

Ikani layiningi pa siketi kumaso ndi kumaso, zipi yotsegula ili pakati, mphepete zikulingana. Sokani mamilimita asanu kuchokera pa mano, ulusi ukugwira layiningi, tepi ndi nsalu ya msoko. Musanasoke chiuno, pindani pa mano penipeni kuti tepi ndi nsalu za msoko zigonere pamwamba pa layiningi, mubaye pini, ndipo msoko wa chiuno udutse pamwamba pa chopindacho. Kupinda kumeneku ndiko kumakokera layiningi mkati mukatembenuza, ndi kusiya ngodya yakuthwa. Muona kuti misoko ya m'mbali ya siketi ndi ya layiningi yalingana yokha. Ikapanda kulingana, sentimita ija simunaidule bwino.

Posoka chiuno phatikizani kariboni kopyapyala kosatamuka, kodulidwa molingana ndi chiuno cha mwini siketi, kuti pamwamba pasafutukuke ndi kuvala. Dulani ngodya mopingasa, chotsani nsonga za tepi zotsala pamwamba, ndipo chepetsani nsalu za msoko mosiyanitsa, ina ifupikepo kuposa inzake, kuti zisaunjikane malo amodzi. Musanatembenuziretu, gonekani nsalu za msokozo ku mbali ya layiningi ndi kuzisokera komweko, mamilimita awiri kuchokera pa msoko wa chiuno. Makina safika mpaka pa ngodya, ndipo kulekeza masentimita atatu zipi isanafike kulibe vuto. Mzere umenewu ndi umene umaletsa layiningi kusuzumira pamwamba pa chiuno. Posita komaliza yalani kansalu pamwamba pa zipi, ndipo simbi muziitsindika ndi kuinyamula, osaikwekwesa.